Mphindi zitatu pamaso pa eni ndalama: chitsanzo cha usipa wa ku Makanjira

Mipikisano ya mabizinesi ang'onoang'ono ili ndi mwambo umene ambiri a ife sitinauzolowere. Wopikisana amaima pamaso pa oweruza, wina mwa okonza mpikisano amagwira wotchi, ndipo mphindi zimene anaika zikakwana, kawirikawiri zitatu kapena zisanu, amamudula ngakhale chiganizo chisanathe. Bungwe la Tony Elumelu Foundation la ku Nigeria, limene kuyambira mu 2015 lakhala likupereka madola 5,000 a ku America kwa aliyense wosankhidwa, limafuna kuti wopempha afotokoze yekha bizinesi yake mwachidule. Ndondomeko ya Growth Accelerator, imene bungwe la UNDP linayambitsa m'dziko muno mu 2018 mogwirizana ndi mHub ya ku Lilongwe, nayonso imaimika opikisana pamaso pa oweruza. Ngakhale kunja kwa mpikisano, munthu wa ndalama amene mwakumana naye pamsonkhano ku Mangochi sakupatsani nthawi yoposa pamenepo asanayang'ane foni yake.

Azungu amakutcha kulankhula kotereku ndi dzina la chikepe, poganizira munthu amene wakwera chikepe limodzi ndi bwana wolemera ndipo ayenera kumukopa chisanafike pamwamba. Ku Makanjira kulibe chikepe, koma vutolo ndi lomwelo. Nkhani ino itenga bizinesi imodzi yodziwika kumadoko a kumeneko, yoyanika usipa, n'kuona mmene ingalowere m'mphindi zitatu.

Nthawi ndi mawu

Mphindi zitatu ndi masekondi 180. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo mukatenga nyuzipepala n'kuwerenga mokweza ndi liwiro loti agogo amve, mupeza kuti pamphindi imodzi mwatchula mawu pafupifupi 100. Choncho zonse zimene munganene sizipitirira mawu 300, omwe sadzaza n'komwe masamba awiri a kope la kusukulu. Amene amalemba masamba anayi n'kumadalira kuti athamanga, amamaliza tsamba lachiwiri belu likulira, ndipo zimene zimatsala m'thumba ndi zomwe anaziika kumapeto: ndalama zimene akupempha ndi ntchito yake.

Chimene chimadya nthawi yambiri kwathu kuno ndi ulemu. Pamsonkhano wa komiti ya chitukuko cha dera, wolankhula amayamba ndi a Gogo Chalo, n'kubwera kwa aphungu, makhansala, akuluakulu a ku khonsolo, magulupu, nyakwawa, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, amayi ndi abambo, kenaka n'kuthokoza wapampando chifukwa chomupatsa mpata. Pamsonkhano wotere n'koyenera ndithu. Pampikisano, malonje amenewa ndi mawu pafupifupi 60, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yonse, ndipo oweruza amakhala asanamve kuti mukugulitsa chiyani. Woyendetsa mwambo amakhala atapereka kale ulemu kwa onse m'malo mwanu. Inu mukati “Olemekezeka oweruza, zikomo,” mwakwanitsa, ndipo palibe mfumu imene ingakuimbeni mlandu.

Pali china chimene anthu a ku Makanjira ayenera kufunsa tsiku lisanafike. Ambiri kumeneko chiyankhulo cha pamtima ndi Chiyao, pamene oweruza amachokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ngati okonza alola womasulira, funsani ngati nthawi ya womasulirayo ikuwerengedwa m'mphindi zanu zitatu. Ikakhala kuti ikuwerengedwa, mawu anu atsala 150 okha, ndipo zolankhula ziyenera kulembedwa ndi muyeso umenewo. Gulu likhoza kusankhanso woliimira amene Chichewa chimamuyenda bwino, ngakhale asakhale wapampando. Udindo wa m'gulu supereka malikisi.

Bizinesi ya chitsanzo

Tiyerekeze gulu la amayi khumi pa doko lina ku Makanjira. Amagula usipa wauwisi m'mawa kwa asodzi a chilimira amene agona panyanja, amauyanika pa mathandala, n'kuutumiza ku msika wa Limbe. Manambala onse otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke, pakuti mtengo wa usipa umasintha ndi mwezi, ndi mphepo, ndi mtengo wa mafuta. Aliyense aikemo ake.

M'mwezi umodzi wa dzinja gululi limagula ndowa 100 pamtengo wa K20,000 iliyonse. Matumba, onyamula, galimoto ndi chiphaso cha mumsika zimadya K5,000 pa ndowa, motero ndowa imodzi imawadya K25,000 ndipo mwezi wonse amalowetsa K2,500,000. Usipa wa m'ndowa imodzi ukauma bwino amaugulitsa K32,000. Vuto ndi mvula. Ikagwa usipa uli pathandala, kapena kukachita mitambo masiku awiri, nsomba imafewa, imanunkha, ntchentche n'kuikira mazira. Pa ndowa 100, ndowa 20 zimathera kwa oweta nkhuku pamtengo wa K10,000. Ndowa 80 zabwino zimabweretsa K2,560,000, zowonongekazo K200,000, zonse pamodzi K2,760,000. Kuchotsapo zimene analowetsa, phindu la mwezi ndi K260,000, loti agawane anthu khumi.

Chimene akufuna ndi nyumba ya pulasitiki yoyanikiramo nsomba, ya mtundu umene akatswiri a ku Chancellor College, a kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay ndi a bungwe la WorldFish anayesa m'madoko a Mangochi ndi Salima zaka zapitazo. Ndi mafelemu a matabwa okutidwa ndi pulasitiki yopirira dzuwa, mkati muli mathandala, ndipo pansi ndi pamwamba pali mipata yotchinga ndi neti. Mpweya umalowera pansi, umatenthedwa ndi dzuwa, n'kutulukira pamwamba utatenga chinyezi cha nsomba. Mvula, mchenga ndi ntchentche zimatsala panja. Tiyerekeze kuti amayiwa anamanga kale kanyumba ka mathandala awiri ndi ndalama zawo, ndipo pa ndowa 40 zimene anayanikamo zinawonongeka ziwiri, ndiko kuti zisanu pa 100. Ndi nyumba yaikulu, ndowa 95 zingabweretse K3,040,000 ndipo zisanu zowonongeka K50,000, zonse K3,090,000. Phindu lingafike K590,000, kukwera ndi K330,000 pamwezi. Njira ina yopezera nambala yomweyo ndi iyi: ndowa 15 zapulumuka, ndipo iliyonse yapulumutsa K22,000.

Miyezi ya mvula yeniyeni ndi inayi, Disembala mpaka Malichi, choncho pachaka nyumbayi ikuonjezera K1,320,000. Pulasitiki imang'ambika ndi dzuwa ndi mphepo ya mwera, ndiye tichotsepo K120,000 yosungira yatsopano. Zatsala K1,200,000. Nyumba yonse ikufuna K3,000,000, gulu lasonkha K600,000, ndipo likupempha K2,400,000, zimene zingabwerere m'nyengo ziwiri za dzinja. M'chilimwe sitinawerengere phindu lina lililonse, chifukwa dzuwa likamaswa mtengo thandala la panja limaumitsa bwino lomwe.

Masamu onsewa atenga mawu ochuluka kuposa amene mphindi zitatu zingalole, ndipo ayenera kutero. Amachitikira kunyumba, pakope. Pamaso pa oweruza pamangofika zotsatira zake.

Zolankhula zake

Mlembi wa gulu angalankhule motere:

“Olemekezeka oweruza, zikomo. Ine ndine uje, mlembi wa gulu la amayi khumi oyanika usipa ku Makanjira.

“Mwezi uliwonse wa dzinja timagula ndowa 100 za usipa wauwisi. Mvula ikaupeza pathandala, umaola. Dzinja lathali, pa ndowa 100 zilizonse, 20 tinagulitsa ngati chakudya cha nkhuku, K10,000 m'malo mwa K32,000.

“Mankhwala ake ndi nyumba ya pulasitiki yoyanikiramo, imene mvula, mchenga ndi ntchentche sizilowa. Tinayesa kanyumba ka mathandala awiri kamene tinamanga ndi ndalama zathu. Pa ndowa 40, zinawonongeka ziwiri zokha. Usipa wake ndi uwu m'mbalemu, winawu ndi wa panja.

“Ndowa imodzi imatidya K25,000, kugula ndi mayendedwe omwe. Lero phindu lathu pamwezi wa dzinja ndi K260,000. Ndi nyumba yaikulu lidzafika K590,000. Amatigula ndi amalonda atatu a msika wa Limbe amene tagulitsana nawo zaka zinayi, ndipo nambala zawo zili m'kope ili.

“Msewu wathu mukuudziwa m'dzinja. Ukaduka, usipa wouma bwino umadikira m'matumba osachita nkhungu, ndipo tagwirizana ndi mwini boti wotiwolotsera ku Salima, kumene msika wa Lilongwe uli pafupi.

“Nyumbayi ndi ya K3,000,000. Ife tasonkha K600,000, ndipo malo anatipatsa kale a nyakwawa ndi komiti ya padoko. Tikupempha K2,400,000 yogulira pulasitiki, matabwa ndi neti, ndi kulipira mmisiri. Tidzamanga mu Okutobala kuti iyambe ntchito mvula isanagwe. Pa nyengo ziwiri za dzinja, usipa wopulumuka udzakhala utafanana ndi ndalama zimene mwatipatsa. Mudzabwere mu Malichi mudzawerenge nokha m'kope mwathu. Zikomo.”

Papepala mawu amenewa sakupitirira kwambiri 200, ndipo wina angaganize kuti mayiyu wataya mphindi yathunthu. Sanataye. Nambala ngati K2,400,000 ndi liwu limodzi papepala, koma pakamwa ndi mawu asanu kapena asanu ndi awiri, ndipo m'zolankhulazi muli manambala oposa khumi. Kuyenda kukaika mbale ziwiri patebulo la oweruza kumadyanso masekondi khumi, ndipo pambuyo pa nambala yaikulu pamafunika kapumidwe kuti woweruza alembe. Zikamathera pa mphindi ziwiri ndi masekondi 45 poyeserera kunyumba, zili bwino, chifukwa tsiku lenilenilo lilime limalemera.

Onani pamene zayambira. Sizinayambe ndi mbiri ya gulu, chaka chimene linakhazikitsidwa, kapena umphawi wa m'mudzi. Oweruza amene amva anthu makumi awiri kuyambira m'mawa amvapo kale za umphawi kwa aliyense, ndipo zimenezo sizisiyanitsa wopikisana ndi mnzake. Chimene sanamve ndi ndowa 20 zopita kwa nkhuku. Vuto likanenedwa ndi muyeso wake, womvera amayamba kuchita masamu m'mutu mwake, ndipo akayamba masamu ndiye kuti wamvetsera.

Gawo lolemera koposa ndi la kanyumba ka mathandala awiri. Pafupifupi aliyense pampikisano amalankhula za m'tsogolo: tidzagula, tidzalemba ntchito achinyamata, tidzatumiza kunja. Mawu a “tidza” alibe mtengo, aliyense angawatchule. Mawu akuti “tinayesa” ndi amene ali osowa, ndipo ndi okhawo amene woweruza angawafufuze. Ndowa 40 ndi zochepa, koma zikusonyeza kuti amayiwa anaika ndalama zawo patsogolo, anawerenga zotsatira, ndipo akudziwa kugwiritsa ntchito chimene akupempha. Gulu limene silinayesepo liyenera kunena zoona, kuti nambala yake yachokera kwa anzawo a doko lina amene ali nayo nyumbayo, ndipo litchule dokolo. Kunena kuti sipadzawonongeka ndowa ngakhale imodzi n'kudzitchera msampha, pakuti woweruza wodziwa za nsomba akudziwa kuti kukachita mitambo sabata yathunthu, ngakhale m'pulasitiki usipa umachedwa kuuma.

Mbale ziwirizo zimagwira ntchito imene mawu 50 sakanaigwira. Woweruza amanunkhiza, amathyola kansomba kamodzi, amaona ngati muli mchenga. Koma tsanulirani usipawo m'mbale musanaitanidwe. Kumasula mfundo ya jumbo wotchi ikuyenda kwamalizira anthu nthawi.

Phindu ndi ndalama zogulitsa

Cholakwika chimene chimagwetsa ambiri n'chakuti amatchula ndalama zonse zimene alandira pogulitsa n'kuzitcha phindu. Mayi wa m'chitsanzo chathu akanati “timapanga K2,760,000 pamwezi,” woweruza akanafunsa funso limodzi lokha: ngati mumapanga zochuluka chotero, bwanji osamanga nokha nyumba ya K3,000,000? Yankho loona ndi lakuti K2,500,000 mwa ndalamazo ndi mpamba umene uyenera kubwerera kwa asodzi ndi kwa mwini galimoto mwezi wotsatira. Koma pofika pofotokoza zimenezi, woweruza waona kale kuti wolankhulayo sasiyanitsa mpamba ndi phindu, ndipo munthu wotere amadya mpamba osadziwa.

Njira yodziyesera ndi yosavuta. Tengani chinthu chimodzi chimene mumagulitsa, kaya ndowa ya usipa, thumba la mpunga kapena botolo la uchi, ndipo nenani osayang'ana pakope kuti chimakudyani zingati, mumachigulitsa zingati, ndipo zotsala ndi zingati. M'chitsanzo chathu ndi K25,000, K32,000 ndi K7,000. Amene akudodoma pa manambala atatu amenewa sanakonzeke kuima pamaso pa aliyense, ngakhale atakhala ndi mawu okoma ngati a mlaliki. M'mtengo wogulirawo musaiwale timaphindu totayika mosaoneka: usipa umene umaperekedwa kwa onyamula, wa ndiwo za kunyumba, ndi ndalama zimene zimadulidwa potumiza kapena kutapa pafoni.

Za msewu

Aliyense amene anamvapo za Makanjira amaganiza za msewu musanatsegule pakamwa. Kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, kudutsa Malindi ndi Lungwena, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo mbiri yake ya m'dzinja, ya mitsinje yosefukira ndi magalimoto otitimira, inafika kutali. Wopikisana wa ku Makanjira akaubisa msewuwu, woweruza amakhala akuuganizira mphindi zonse zitatu, ndipo amaganiza kuti mwina wolankhulayo sanaulingalire kapena akufuna kumupusitsa. Nkwabwino kuutchula nokha m'chiganizo chimodzi, n'kutsatiza ndi zimene mumachita ukaduka.

M'chitsanzo chathu, msewu ukuthandizanso pempholo. Nsomba yosauma bwino siingadikire galimoto masiku atatu, pamene youma bwino ingadikire. Choncho chifukwa chimene woweruza akanakanira chasanduka chifukwa china chomangira nyumbayo. Si bizinesi iliyonse imene ingatembenuze vuto lake motere, koma iliyonse ili ndi funso lake limene womvera akulisunga. Kwa wolima tomato ndi mwezi umene aliyense amakolola n'kugwetsa mtengo. Kwa wa chigayo ndi magetsi kapena dizilo. Lipezeni funsolo, ndipo mulipatse masekondi 20. Chosafunika n'kudandaula, kapena kutembenuza mpikisano kukhala bwalo lodzudzulira boma. Oweruza sakonza misewu.

Womvera akakhala wofuna phindu

Zolankhula zili pamwambazi n'zoyenera mpikisano umene mphoto yake ndi thandizo losabweza. Oweruza a mpikisano wotere akufuna kudziwa ngati ndalama zawo zigwira ntchito yooneka, n'chifukwa chake mayiyu wawaitana kudzawerenga kope mu Malichi. Koma tiyerekeze kuti womvera ndi mwini sitolo wa ku Mangochi amene akufuna kuika ndalama zake kuti zimubalire. Magawo oyamba onse angakhale momwemo, koma mathero ayenera kusintha, chifukwa funso lake ndi lina: ndipeza zingati, liti, ndipo zikakanika nditola chiyani?

Apa masamu amauma. Gulu likamulonjeza kuti lidzabweza K2,400,000 m'zaka ziwiri n'kuonjezera K600,000 chaka chachitatu, zikumveka zaulemu, koma ndi phindu la 25 peresenti pa zaka zitatu. M'zaka za 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inkakwera ndi zoposa 20 peresenti pachaka chimodzi, ndipo mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Munthu wa malonda akudziwa kuti K3,000,000 za zaka zitatu zikubwerazo zingagule zochepa kuposa K2,400,000 za lero. Adzathokoza mwaulemu, adzati aganizira, ndipo sadzaimbanso foni.

Chimene chingamugwire ndi gawo la phindu m'malo mwa nambala yokhazikika. Mwachitsanzo, gulu lingamupatse magawo atatu mwa anayi a phindu loonjezeralo kwa zaka zinayi. Pamitengo ya lero ndi K900,000 pachaka, K3,600,000 pa zaka zinayi, ndipo mtengo wa usipa ukakwera gawo lake limakwera nawo. Amayiwo amatsala ndi K300,000 pachaka pamwamba pa phindu lawo lakale, ndipo chaka chachisanu nyumba ndi phindu lonse ndi zawo. Mathero a zolankhula angakhale akuti: “Bambo, mukaika K2,400,000, tidzakupatsani magawo atatu mwa anayi a phindu loonjezera kwa zaka zinayi. Pamitengo ya lero ndi K900,000 pachaka. Kope lathu mudzaliona mwezi uliwonse.” Dongosolo logawana phindu lili ndi ubwino winanso kudera ngati Makanjira, kumene anthu ambiri ndi Asilamu ndipo ena mwa iwo salandira kapena kupereka chiwongoladzanja. Wolankhula adziwiretu ngati womvera wake ndi wotero, kuti asatchule liwu limene litseke makutu.

Ndiyenera kuchenjeza kuti gawo limene mwatchula pakamwa ndi lovuta kulibweza. Gulu lonse ligwirizane lisanatume munthu, ndipo ligwirizanenso malire amene wotumidwayo sangadutse womvera akayamba kunenerera. Mawu akuti “phindu loonjezera” nawonso adzafuna kulembedwa papepala momveka, kuti akuwerengedwa kuchokera pa nambala iti, apo ayi mkangano udzabuka chaka chimene nyanja yauma nsomba. Zimenezo si za m'mphindi zitatu. Cholinga cha mphindi zitatuzo pamaso pa munthu wotere n'chakuti avomere kukumananso, choncho chiganizo chomaliza chimupemphe tsiku lobwera kudoko kudzaona yekha.

Wobwereketsa ndalama, kaya banki kapena bungwe la ngongole, ndi womvera wachitatu, ndipo iye amafuna kumva za kabwezedwe ka mwezi ndi mwezi ndi chikole. Bizinesi ya chitsanzo chathu ili ndi chilema pamenepa, chifukwa phindu loonjezera limabwera m'miyezi inayi yokha pamene ngongole imafuna kubwezedwa miyezi khumi ndi iwiri. Wolankhula anene poyera kuti akupempha kubweza zambiri m'dzinja ndi zochepa m'chilimwe, kapena asonyeze kumene ndalama za miyezi inayo zidzachokera.

Kuyeserera ndi mafunso

Zolankhula zikalembedwa, ziwerengeni mokweza wina atagwira foni yowerengera nthawi. Zikapitirira, musaonjezere liwiro. Chotsani chiganizo chathunthu, kuyambira ndi chimene chilibe nambala, dzina la malo kapena chinthu chogwirika. Kenaka lankhulani pamaso pa munthu amene sadziwa bizinesi yanu, monga mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, ndipo mukatha mumufunse kuti mukugulitsa chiyani, mukupempha zingati, ndipo ndalamazo mukagula chiyani. Akalephera limodzi mwa mafunso amenewa, vuto lili m'zolankhula, ndipo malo ake mwawapeza.

Kuloweza liwu ndi liwu ngati ndakatulo ya kusukulu kuli ndi ngozi yake. Liwu limodzi likathawa, zonse zimathawa, ndipo munthu amabwerera poyambira wotchi ikuyenda. Lowezani chiganizo choyamba, chomaliza ndi manambala. Zapakati zigwireni ndi mitu yake isanu ndi umodzi, imene ingalembedwe pakapepala kokwana m'dzanja. Mipikisano ina imafuna kanema wojambula pafoni m'malo moonekera pamaso. Zikatero jambulirani padoko pomwepo kuti mathandala aoneke, m'mawa mphepo isanayambe, pakuti mwera ukawomba pafoni mawu samveka. Poti netiweki imavuta m'madera ena, musadikire tsiku lotsekera kuti mutumize.

Belu likalira pamabwera mafunso, ndipo nthawi zambiri mpikisano umapambanidwa kapena kutayika pamenepa. Kwa amayi athu, woweruza wochenjera angafunse kuti ngati ndowa 100 zimagulidwa pamwezi, nyumbayo imalowa ndowa zingati nthawi imodzi, ndipo usipa ukagwidwa wambiri usiku umodzi otsalawo adzauyanika kuti. Angafunse amene amasunga ndalama za gulu ndiponso anthu angati amasaina potapa. Angafunse ngati gulu linalembetsedwa ku boma, ngati lili ndi akaunti ku banki m'dzina lake, ndi ngati pali kalata yosonyeza kuti malo omangapo anaperekedwadi. Gulu likanena kuti likufuna kudzagulitsa usipa wa m'mapaketi m'masitolo akuluakulu, funso la chiphaso cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards silidzalephera kubwera, ndipo amene sanafufuze zimene bungweli limafuna ndi bwino asalonjeze za masitolo n'komwe.

Yankho lililonse likhale la ziganizo ziwiri kapena zitatu. Funso likakhala la nambala imene simukuikumbukira, tsegulani kope pamaso pawo n'kuwerenga, ndipo ngati mulibe nenani kuti mulibe, mutchule tsiku limene mudzatumize. Nambala yopeka pomwepo imagundana ndi imene munanena mphindi ziwiri zapitazo, ndipo pakati pa oweruza pamakhala mmodzi amene ntchito yake ndi kulemba manambala onse. Kope lenilenilo, la masamba othimbirira ndi madontho a madzi a padoko, lokhala ndi masiku ndi ndowa za dzinja lonse, musalikopere m'kope latsopano pofuna kuti lioneke laukhondo. Lolembedwa ndi cholembera chimodzi usiku umodzi limadziwika, ndipo limadzutsa chikaiko chimene lakalelo silikanadzutsa.